Manambala Opanda Ubale: Funso la Euler ndi Maloko a pa Intaneti

Yang'anani wotchi ya mivi, ija yokhala ndi manambala 12 ozungulira. Ikani chala pa 12, ndipo muzichisuntha masitepe atatu nthawi iliyonse. Chifika pa 3, pa 6, pa 9, kenako chibwerera pa 12 chitangoponda manambala anayi okha. Mukamasuntha masitepe 8, chifika pa 8, pa 4, n'kubwerera pa 12. Tsopano yesani masitepe asanu. Chala chiponda 5, 10, 3, 8, 1, 6, 11, 4, 9, 2, 7, ndipo chifika pa 12 chitayendera nambala iliyonse kamodzi, osasiyako ngakhale imodzi.

Mukayesa masitepe onse kuyambira 1 mpaka 11, mupeza kuti anayi okha ndiwo amazungulira wotchi yonse: 1, 5, 7 ndi 11. Awa ndi manambala omwe sagawana kanthu ndi 12. Funso la nkhani yathu ndi lakuti: munthu akatipatsa nambala ina iliyonse, kaya 60, kaya 1,000, kaya yaitali yodzadza tsamba, ndi manambala angati a m'munsi mwake omwe sagawana nayo kanthu? Yankho lake lili ndi khalidwe lodabwitsa. Ndi lapafupi kwambiri kwa munthu wodziwa manambala omwe anamanga nambalayo, koma kwa wosawadziwa limatha kukanika ngakhale atasonkhanitsa makompyuta amphamvu kwambiri. Kusiyana kumeneku ndi komwe kumateteza zinsinsi zambiri zoyenda pa intaneti lero.

Kugawana kanthu n'kutani?

Kusukulu timaphunzira kuti 3 amalowa mu 12 kanayi popanda chotsala, ndipo nambala yolowa chonchi timaitcha fakitala. Mafakitala a 12 ndi 1, 2, 3, 4, 6 ndi 12. Tinene kuti manambala awiri ali pa ubale ngati pali nambala yoposa 1 yomwe imalowa mwa onse awiri. Motero 8 ndi 12 ndi apaubale, pakuti 4 amalowa mwa onsewo. Nayenso 9 ndi mbale wa 12 kudzera mwa 3, ngakhale 9 mwiniwake salowa mu 12. Koma 5 ndi 12 palibe chowalumikiza. Nambala 1 sitiiwerengera ngati cholumikiza chifukwa imalowa paliponse, ndipo pa chifukwa chomwecho 1 alibe ubale ndi nambala iliyonse, choncho nthawi zonse amakhala woyamba pa mndandanda wathu.

Apa ndi pomwe pagona chinsinsi cha wotchi ija. Chala chimabwerera pa 12 pamene masitepe onse mwayenda akwana nambala yomwe 12 amalowamo. Poyenda masitepe 8, izi zimachitika msanga, pa 24, mutangosuntha katatu, chifukwa 8 wabwera kale ndi mbali ina ya 12 m'kati mwake. Poyenda masitepe asanu, palibe chokuthandizani, ndipo muyenera kufika mpaka 60, kusuntha ka 12, musanabwerere poyambira.

Katswiri wa masamu amene anafufuza funsoli mozama ndi Leonhard Euler, yemwe anabadwira ku Basel m'dziko la Switzerland mu 1707 ndi kumwalira ku St. Petersburg mu 1783. Zomwe anapeza zinasindikizidwa mu 1763. Chizindikiro chomwe chimagwiritsidwa ntchito masiku ano chinachokera kwa Carl Friedrich Gauss wa ku Germany, m'buku lake la mu 1801. Ndi chilembo cha Chigiriki φ, chomwe ambiri amachitchula kuti "fayi". Kulemba φ(12) = 4 n'kunena kuti manambala anayi a m'munsi mwa 12 alibe naye ubale.

Pali gulu la manambala lomwe yankho lake silifuna kuwerenga. Awa ndi mapulayimu, manambala monga 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13, omwe salowedwa ndi nambala ina kupatula 1 ndi iwo eni. Popeza palibe cholowa mu 13, palibenso wa m'munsi mwake amene angakhale mbale wake, ndipo onse 12 akuwerengedwa. Pa pulayimu iliyonse, mungochotsera 1 basi.

Tiwerenge za 60

Nambala ya 60 ndi yabwino kuphunzirapo, chifukwa ndi yaing'ono moti mutha kulemba manambala onse pa pepala, komanso ili ndi abale ambiri. Poyamba tiiphwanye mpaka titsale ndi mapulayimu okhaokha: 60 = 2 × 2 × 3 × 5. Mbale aliyense wa 60 ayenera kulowedwa ndi 2, kapena 3, kapena 5. Palibe chifukwa choyesera 4, 6, 10 kapena 15 paokha, pakuti nambala yolowedwa ndi 6 yalowedwa kale ndi 2. Mapulayimu atatuwa ndiwo makomo okha a ubale.

Lembani manambala kuyambira 1 mpaka 60. Kumuphatikizapo 60 mwiniwake sikusokoneza kanthu, chifukwa afufutidwa ulendo woyamba womwe. Fufutani onse olowedwa ndi 2. Theka lapita, ndipo atsala 30. Pa otsalawo, fufutani olowedwa ndi 3, omwe ndi 3, 9, 15, 21 ndi anzawo mpaka 57. Alipo 10, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo atsala 20. Pomaliza fufutani olowedwa ndi 5. Mupeza anayi okha: 5, 25, 35 ndi 55, gawo limodzi mwa magawo asanu. Atsala 16, ndipo ndi awa: 1, 7, 11, 13, 17, 19, 23, 29, 31, 37, 41, 43, 47, 49, 53 ndi 59.

Taonani kuti 49 ali pa mndandandawu. Ambiri amamusiya poganiza kuti tikufuna mapulayimu okha, koma sichoncho. Iye ndi 7 × 7, ndipo 7 salowa mu 60, choncho palibe ubale. Momwemonso 2, 3 ndi 5 ndi mapulayimu koma achotsedwa. Chomwe tikufunsa si chakuti nambala ili bwanji payokha, koma kuti ikukhala bwanji ndi 60.

Munthu wosamala afunsa kuti: kodi zangochitika mwamwayi kuti ulendo wachitatu wachotsa ndendende gawo limodzi mwa asanu? Pambuyo pofufuta kawiri, mndandanda unali utasokonekera kale. Yankho ndi lakuti si mwayi. Manambala olowedwa ndi 5 kufika pa 60 ndi 5 × 1, 5 × 2, mpaka 5 × 12. Popeza 5 sabweretsa 2 kapena 3, nambala yotere ipulumuka maulendo awiri oyamba pokhapokha ngati mnzake wochulukitsa nayeyo alibe 2 kapena 3. Pakati pa 1 ndi 12 otere ndi 1, 5, 7 ndi 11, ndipo mukawachulukitsa ndi 5 mupeza 5, 25, 35 ndi 55 aja. Ndiye kuti pa manambala 12 olowedwa ndi 5 anapulumuka anayi, monga momwe pa manambala onse 60 anapulumukira 20. Konsekonse lapulumuka gawo limodzi mwa atatu. Kufufuta koyamba kuja sikunakondere mbali, ndipo olowedwa ndi 5 akadali gawo limodzi mwa asanu a otsala, monga analili poyamba.

Apa lamulo la Euler laoneka. Pulayimu iliyonse yolowa m'nambala yathu imatenga gawo lake pa zomwe zatsala, mosasokonezana ndi anzake. Pa 60 tilemba motere:

φ(60) = 60 × 1/2 × 2/3 × 4/5 = 16

Pulayimu 2 imasiya theka, 3 imasiya magawo awiri mwa atatu, 5 imasiya anayi mwa asanu, 7 imasiya 6 mwa 7, ndipo zimapitirira choncho. Simufunikanso pepala lodzadza manambala. Pa 1,000 mapulayimu ndi 2 ndi 5 okha, choncho theka la 1,000 ndi 500, ndipo magawo anayi mwa asanu a 500 ndi 400. Mwapeza yankho musanalembe mndandanda uliwonse.

Pomwe anthu amaphonya

Kulakwitsa koyamba n'kuchotsa magulu onse nthawi imodzi. Munthu amati: kufika pa 60, olowedwa ndi 2 alipo 30, olowedwa ndi 3 alipo 20, olowedwa ndi 5 alipo 12. Akaphatikiza apeza 62, kuposa manambala omwe anali nawo. Cholakwika n'chakuti 6 wamuchotsa kawiri, 10 kawiri, ndipo 30 katatu. Njirayi imatha kukonzeka: abwezere 10 olowedwa ndi 6, abwezerenso 6 olowedwa ndi 10 ndi anayi olowedwa ndi 15, onse pamodzi 20, kenako achotsenso awiri, 30 ndi 60, omwe tsopano abwezeredwa mopitirira. Afikanso pa 16, koma atayenda njira yaitali yomwe imavuta kwambiri mapulayimu akachuluka.

Kulakwitsa kwachiwiri n'kuwerengera pulayimu kangapo. Mu 60 muli 2 kawiri, koma theka tachotsa kamodzi kokha, chifukwa manambala olowedwa ndi 2 akapita apita. Pa 360, yemwe ndi 2 × 2 × 2 × 3 × 3 × 5, makomo ndi atatu omwe aja, ndipo yankho ndi 360 × 1/2 × 2/3 × 4/5, lomwe ndi 96.

Kulakwitsa kwachitatu n'kobisika pang'ono. N'zoona kuti mutha kuphwanya nambala pawiri, kupeza yankho la mbali iliyonse, n'kuchulukitsa. Mwachitsanzo, 60 ndi 4 × 15. Pansi pa 4 pali awiri, 1 ndi 3. Pansi pa 15 pali 8. Kuchulukitsa 2 ndi 8 kutipatsa 16, zoona. Koma izi zimatheka pokhapokha mbali ziwirizo zilibe ubale. Yesani 24 ngati 4 × 6. Mbali iliyonse ipereka 2, ndipo mupeza 4, pamene yankho lenileni ndi 8, pakuti mndandanda wake ndi 1, 5, 7, 11, 13, 17, 19 ndi 23. Manambala 4 ndi 6 onse ali ndi 2, choncho theka mwalichotsa kawiri.

Pali njira yapafupi yodziwira ngati mwasochera. Bwererani ku mndandanda wa 60 ndi kuphatikiza woyamba ndi wotsiriza: 1 ndi 59 apanga 60. Chimodzimodzi 7 ndi 53, 11 ndi 49, mpaka 29 ndi 31 pakati. Manambalawa amayenda awiriawiri, chifukwa ngati pulayimu ina ilowa mu 60 komanso mu 53, iyenera kulowanso m'kusiyana kwawo, komwe ndi 7. Mmodzi akakhala wopanda ubale, mnzakeyo alinso wopanda ubale. Choncho pa nambala iliyonse yoposa 2, yankho liyenera kugawika ndi 2. Mukapeza 15 kapena 17, mwalakwitsa, ndipo nambala yomwe yatsala yopanda mnzake ikuonetsani pomwe pali vuto.

Chomwe Euler ankafuna

Euler sankawerenga manambalawa pongofuna kuwerenga. Mu 1640, Pierre de Fermat wa ku France analemba m'kalata mfundo ina yokhudza zotsala pogawa ndi mapulayimu, koma sanapereke umboni wake. Euler anautulutsa umboniwo mu 1736, ndipo pambuyo pake anafuna kudziwa chomwe chimachitika ngati wogawayo si pulayimu. Yankho linali φ.

Tione ndi 10, chifukwa chotsala pogawa ndi 10 ndi dijiti yotsiriza ya nambala. Opanda ubale ndi 10 ndi 1, 3, 7 ndi 9, choncho φ(10) = 4. Tengani 3 ndi kumamuchulukitsa ndi 3 mobwerezabwereza: 3, 9, 27, 81, 243, 729. Madijiti otsiriza ndi 3, 9, 7, 1, kenako ayambiranso 3, 9. Pa ulendo wachinayi mwafika pa 1. Yesani 7: mupeza 7, 49, 343, 2,401. Pa ulendo wachinayinso mwafika pa 1. Mfundo ya Euler ndi yakuti izi zimachitika nthawi zonse. Mukatenga nambala yopanda ubale ndi wogawa, n'kuichulukitsa yokhayokha maulendo okwana φ wa wogawayo, chotsala chimakhala 1.

Chifukwa chake chimaoneka ndi maso. Chulukitsani 1, 3, 7 ndi 9 aliyense ndi 3. Mupeza 3, 9, 21 ndi 27, omwe madijiti awo otsiriza ndi 3, 9, 1 ndi 7. Ndi anayi omwe aja, angosinthana malo. Ndiye mukachulukitsa onse a gulu loyamba pamodzi, ndi onse a gulu lachiwiri pamodzi, dijiti yotsiriza ikhala imodzimodzi. Komatu gulu lachiwiri ndi gulu loyamba lomwelo litaonjezeredwa 3 kanayi. Ngati kuonjezera 3 × 3 × 3 × 3 sikunasinthe chotsala, ndiye kuti 81 akugwira ntchito ngati 1.

Izi zimatipatsa mphamvu yodziwa zinthu popanda kuchulukitsa kwautali. Mukalemba 7 ka 50 n'kuchulukitsa onsewo, ituluka nambala ya madijiti oposa 40. Kodi dijiti yake yotsiriza ndi iti? Maulendo anayi aliwonse amabwerera pa 1, ndipo 4 amalowa mu 50 ka 12 n'kutsala 2. Ndiye tingoyang'ana 7 × 7, yemwe ndi 49, ndipo yankho ndi 9.

Mfundoyi ili ndi malire awiri. Loyamba, sigwira ntchito pa abale. Mukayesa 2, madijiti otsiriza ndi 2, 4, 8, 6, n'kuyambiranso, ndipo 1 saoneka konse, chifukwa nambala yolowedwa ndi 2 singathere ndi 1. Lachiwiri, nthawi zina 1 amabwera msanga. Pogawa ndi 12, φ ndi 4, koma 5 × 5 ndi 25, yemwe asiya 1 pa ulendo wachiwiri. Euler sakulonjeza kuti ulendo wachinayi ndi woyamba kufika pa 1. Akulonjeza kuti pa ulendo wachinayi mudzakhala muli pa 1, ndipo kuzungulira kwafupiko kumalowa ndendende m'kwakutaliko.

Loko wa manambala

Zaka zoposa 200 pambuyo pa Euler, mu 1977, akatswiri atatu a pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America, Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman, anamanga njira yobisira uthenga pa mfundo imeneyi. Imadziwika ndi zilembo zoyamba za maina awo, RSA. Clifford Cocks wa ku Britain anali atapeza njira yofanana nayo mu 1973, koma ankagwira ntchito ku bungwe la boma la zachinsinsi, ndipo zake zinaululidwa mu 1997. Chachilendo pa njirayi n'chakuti kiyi wotsekera mutha kumupereka kwa aliyense, koma wotsekulira amakhala ndi inu nokha.

Tipange loko wamng'ono. Sankhani mapulayimu awiri, 3 ndi 11, ndipo muwabise. Achulukitseni mupeze 33. Popeza awiriwa alibe ubale, φ(33) ndi 2 × 10, yemwe ndi 20, ndipo nayenso mumubise. Tsopano pezani manambala awiri omwe mukawachulukitsa apitirira 20, kapena 40, kapena 60, ndi 1 yekha. Apa 3 ndi 7 akwanira, pakuti apanga 21. Lengezani 33 ndi 3 kwa aliyense. Nambala 7 ndiye kiyi wanu wachinsinsi.

Mnzanu akufuna kukutumizirani nambala 5 mobisa. Achulukitsa 5 katatu, 5 × 5 × 5, apeza 125, agawa ndi 33, ndipo chotsala ndi 26. Iye atumiza 26, ndipo womvetsera m'njira aona 26 yekhayo. Inu muchulukitsa 26 ka 7, koma pa sitepe iliyonse muzisunga chotsala chokha kuti manambala asakule. Poyamba 26 × 26 ndi 676, ndipo pogawa ndi 33 atsala 16. Kenako 16 × 26 ndi 416, atsala 20. Mukapitiriza choncho zotsala zikhala 25, 23, 4, ndipo pomaliza 4 × 26 ndi 104, yemwe asiya 5. Uthenga wabwerera.

Wabwerera chifukwa kutseka ndi kutsekula pamodzi kwachulukitsa 5 ka 21. Maulendo 20 oyamba, malinga ndi Euler, afika pa 1, ndipo ulendo wotsalawo wabweretsa 5. Chinthu chonsechi chatsamira pa nambala 20 ija. Woidziwa apeza kiyi wachinsinsi mosavuta, ndipo wosaidziwa alibe poyambira.

Nanga mdani angaipeze bwanji? Pa 33 sakhalitsa, pakuti aliyense aona kuti ndi 3 × 11. Koma yesani 8,633. Kuti muiphwanye ndi pensulo muyenera kuyesa mapulayimu mmodzimmodzi, 2, 3, 5, 7, mpaka mufike pa 89, pomwe mupeze kuti ndi 89 × 97. Mwini loko sanavutike choncho. Anayamba ndi 89 ndi 97, ndipo φ anamupeza pongochulukitsa 88 ndi 96, n'kupeza 8,448.

Mwina wina angaganize zopeza φ mwa njira ina, osaphwanya nambalayo. Koma pa nambala yomangidwa ndi mapulayimu awiri, ntchito ziwirizi ndi imodzi. Chotserani 8,448 pa 8,633, muonjezere 1, mupeza 186, yemwe ndi 89 kuphatikiza 97. Mukadziwa zomwe manambala awiri amapanga pophatikiza komanso pochulukitsa, masamu a kusekondale akuuzani manambalawo. Choncho amene angapeze njira yachangu yowerengera φ wapezanso njira yachangu yophwanyira manambala otere, ndipo njira yotero pa makompyuta omwe tili nawo sinapezeke.

Kukula kwa vutoli kunayesedwa poyera. Mu 1977 eni RSA anapereka nambala ya madijiti 129 kuti aliyense ayese kuiphwanya, ndipo inasindikizidwa m'magazini ya Scientific American. Inaphwanyidwa mu 1994, anthu pafupifupi 600 atabwereketsa makompyuta awo kwa miyezi ingapo. Mu 2020 gulu la akatswiri linaphwanya ina ya madijiti 250. Maloko ambiri a RSA masiku ano amagwiritsa ntchito manambala a madijiti 617, ndipo dijiti iliyonse yoonjezera imakulitsa ntchito ya woswa kwambiri kuposa ya mwini loko.

Ubale ukaswa loko

Komabe maloko ena anasweka popanda wophwanya nambala iliyonse mwa mphamvu, ndipo chomwe chinawaswa ndi ubale. Kuphwanya nambala imodzi n'kovuta, koma kudziwa ngati manambala awiri ali pa ubale n'kwapafupi kwambiri. Njira yake inalembedwa ndi Euclid ku Alexandria zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe. Mugawa wamkulu ndi wamng'ono, kenako mugawa wamng'onoyo ndi chotsala, n'kumapitiriza mpaka chotsala chithe.

Tiyerekeze kuti munthu mmodzi ali ndi loko wa 8,633, ndipo wina ali ndi wa 8,989. Aliyense payekha akuoneka wolimba. Koma gawani 8,989 ndi 8,633, atsala 356. Gawani 8,633 ndi 356, alowa ka 24 n'kutsala 89. Gawani 356 ndi 89, alowa kanayi popanda chotsala. Ndiye kuti 89 amalowa mwa onse awiri. Mwa masitepe atatu okha, maloko onse atseguka: woyamba ndi 89 × 97, wachiwiri ndi 89 × 101, ndipo φ wa aliyense ali poyera. Njira ya Euclid imathamanga ngakhale pa manambala a madijiti mazanamazana.

Izi zinachitikadi. Mu 2012 magulu awiri a ofufuza anasonkhanitsa makiyi olengezedwa mamiliyoni kuchokera pa intaneti, n'kuwayerekeza kuti aone ngati ena ali pa ubale. Anapeza zikwi zambiri zomwe zinkagawana pulayimu. Gwero la vutoli silinali masamu a Euler. Ambiri mwa makiyiwo anapangidwa ndi timakina ting'onoting'ono tolumikizira intaneti, tomwe tinkasankha mapulayimu titangoyatsidwa kumene, tisanasonkhanitse zinthu zokwanira zosinthasintha zoti tisankhire mwachisawawa. Timakina tiwiri tofanana tinkayambira pa malo amodzi n'kusankha pulayimu yoyamba imodzimodzi, kenako n'kusiyana pa yachiwiri.

Phunziro lomwe opanga maloko anatengapo ndi lomveka: kutalika kwa nambala pakokha sikuteteza. Mapulayimu ayenera kusankhidwa mwachisawawa chenicheni, pakati pa mapulayimu ochuluka kwambiri moti makina awiri sangakumane pa imodzi. Chitetezo chonse chagona pa mfundo yomwe taiona pa 60, yakuti φ amadalira nambalayo ndi mapulayimu olowamo ndipo sadalira china chilichonse. Pulayimu imodzi ikadziwika, kaya mwa kuphwanya, kaya chifukwa ikupezekanso m'loko wa munthu wina, kugawa kumodzi kumaulula inzake, ndipo kuchulukitsa kumodzi kumapereka φ, yemwe amaulula kiyi.